A Ndinaliko a ku Chipangali

Chisoti cha mumgodi chija chikadalipo. Chili pa msomali kuseri kwa chitseko cha chipinda changa, choyera koma chosuluka, chong'aluka pang'ono pamphumi pomwe pankakhala nyali. Adzukulu anga amati nditungire madzi a nkhuku, ine ndimakana. Chisoti chimenechi ndi cha a Ndinaliko. Munthuyu sanabadwe kwa mayi, koma ku Chipangali kuno anatchuka kuposa ife tinamuumba.

Chinali chaka cha 1983. Ine ndinali mphunzitsi wachinyamata, nditangochoka kumene ku Chipata Teachers' College, ndipo akulu a sukulu anandipatsa ntchito yokonza sewero la pa 24 Okutobala, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko. Masiku amenewo Chipangali sinali boma payokha monga lero. Kanthu kalikonse tinkakafuna ku Chipata, ndipo basi ya UBZ ikakusiya pa msewu wa Lundazi, kotsalako unkadziwa wekha ndi miyendo yako. Chisangalalo chathu chinali wailesi ya mabatire. Tinakulira pa Pocheza M'madzulo ya Julius Chongo, munthu mmodzi yemwe ankasandutsa pakamwa pake mudzi wonse: nkhalamba, mtsikana, fisi, mfumu. Mphepo ikakhala bwino tinkagwiranso MBC ya ku Malawi n'kumva Kapalepale. Choncho anthu omwe tinkafuna kuwaseketsa sanali alendo pa nthabwala. Makutu awo anali ozolowera zabwino, ndipo ukanawapatsa madeya akanadziwa.

Tinali anayi. Ine, mnzanga wina wophunzitsa masamu, mayi wina wa m'kwaya amene anali ndi mawu omveka mpaka kudimba, ndi mnyamata wa Giredi 6 wochenjera ngati kalulu. Tinalibe pepala lolembapo mawu a sewero. Tinkakumana madzulo pansi pa mtengo wa mango, n'kumayesa, ndipo mawu omwe aseketsa ife tinkawasunga pamtima.

Poyamba tinalakwa, ndipo kulakwa kwake n'komwe ambiri amachita mpaka lero. Tinati tipange chitsiru, ndiye tinachisenzetsa chilichonse. Chinali choledzera, chachibwibwi, chotsimphina, chovala malaya chammbuyo, chakuba nkhuku. Titayesa pamaso pa ana a sukulu, anaseka pamene munthuyo ankalowa, anasekanso atagwa koyamba. Atagwa kachiwiri anaseka ochepa. Kachitatu ena anayamba kutolerana timiyala. Pamenepo ndinaona kuti munthu wa zilema khumi alibe nkhani, chifukwa woonera sadziwa choti ayembekezere kwa iye. Kugwa kumaseketsa kamodzi. Chimene chimasunga anthu pansi kwa mphindi khumi ndi zisanu ndi kudziwa chomwe munthuyo akufuna, n'kumamuona akuchithamangira molunjika kudzenje.

Mnzanga wa masamu ndiye anatiwombola. Anati tichotse zonse, tisiye chilema chimodzi chokha: munthu wosatha kunena kuti "sindidziwa". Asakhale woipa mtima, asakhale wakuba, asamwe ngakhale thobwa lowawasa. Chimene akufuna pa dziko lapansi n'chimodzi, kuti anthu azimuona ngati wodziwa zonse. Ndipo chimene sachiona n'chimodzinso, kuti mudzi wonse unamutulukira kale. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife tinangotenga Safunsa ameneyu n'kumuveka nsapato.

Anthu otere tinali nawo m'midzi yonse. Zaka zimenezo mkuwa unali utagwa mtengo, ndipo amuna ambiri ankabwerako ku Kopala, ena atagwira ntchito zaka makumi awiri, ena miyezi itatu yokha. Amene anakhalitsa nthawi zambiri ankabwera ali chete. A miyezi itatuwo ndiwo ankadzaza bwalo ndi nkhani. Munthu wathu tinamupanga wa miyezi itatu ku Mufulira, ndipo ntchito yake kumeneko inali yosesa pa geti. Dzina linabwera lokha. Mukanena za Lusaka, iye amati, "Ndinaliko." Mukanena za Joni, "Ndinaliko." Mayi wa m'kwaya uja tsiku lina poyesa anangoti, "Agogo anamwalira chaka cha dzombe," mnzangayo asanaganize n'komwe anayankha kuti, "Ndinaliko." Tinagwa pansi ndi phwete, ndipo dzina linakhala lomwelo.

Chovala chinabwera pambuyo pa khalidwe, ndipo ndimalimbikira kuti uwu ndiwo mndandanda wake. Tinadzifunsa kuti, munthu wofuna kuti aliyense adziwe kuti anafika ku migodi angavale chiyani? Yankho linali chisoti ichi, chomwe tinabwereka kwa mkulu wina amene anagwiradi ntchito pansi pa nthaka, ndipo pambuyo pake anatipatsiratu. Tinawonjeza jekete lochindikala, majombo, ndi wotchi yakufa. Taganizani kutentha kwa Okutobala kuno, pamene nyenje zikulira ndipo ngakhale mbuzi zikubisala m'khonde. A Ndinaliko akutuluka thukuta ngati mtsuko watsopano, koma jekete savula, chifukwa akati avule asanduka munthu wamba. Aliyense woonera ankamva kutenthako pa thupi pake. Chovalacho chinali chilema chake chomwecho chitaonekera kunja, n'chifukwa chake sichinatope kuseketsa. Wotchi tinaigwiritsa ntchito kawiri kokha. Munthu akafunsa nthawi, iwo ankayang'ana pa mkono nthawi yaitali, kenako n'kuba kuyang'ana dzuwa ndi diso limodzi, n'kunena.

Tsopano nkhani yake. Mbuzi za a Ndinaliko zalowa m'dimba la mnansi n'kudya mpiru ndi chimanga chachiwisi. Mnansi wakadandaula kwa mfumu, ndipo kapaso wabweretsa kalata yowaitanira ku bwalo. A Ndinaliko satha kuwerenga. Nkhani yonse ndi imeneyi basi, ndipo ndikhulupirira kuti ikanakula kuposa apa ikanaphwanyika.

Chinthu choyamba chomwe tinachita n'kuuziratu oonera zoona zake. Sewero linkayamba a Ndinaliko kulibe. Kapaso, yemwe ndinali ine, ankafika n'kupeza akazi awo, Nabanda, akupeta chimanga, n'kunena momveka kuti, "Mayi, iyi ndi samani. Mbuzi zanu zadya dimba la eni. Abambo akaonekere ku bwalo Lachisanu." Anthu ena amaganiza kuti nthabwala ndi kudzidzimutsa anthu, ndiye amabisa zoona mpaka kumapeto. Pa munthu wodzitama sizitero. Woonera ayenera kudziwa zambiri kuposa iye kuyambira pachiyambi, kuti mawu aliwonse otuluka m'kamwa mwake aziwayeza ndi zomwe akudziwa kale. Kuseka kumachokera mu mpata umenewo.

A Ndinaliko akulowa, chisoti kumutu. Nabanda akugwada n'kupereka kalata.

"Abambo, kwabwera kapaso. Akuti..."

"Nabanda, kalata ya boma sanenera pakamwa. Ine makalata otere ndinkalandira tsiku ndi tsiku ku Mufulira."

Apa panali mfundo imene tinakangana usiku wonse. Mnzangayo ankafuna kugwira kalata chadodolido, miyendo m'mwamba. Ine ndinakana, chifukwa ochita masewero onse ankatero, ndiponso wokhala kumbuyo kwa khamu saona kuti pepala lazondoka. Tinafuna chinthu chochokera mumtima mwa munthuyo. Wodzitama akasowa chochita sapempha thandizo, amasandutsa pempholo kukhala lamulo. Ndiye a Ndinaliko ankaitana mphwawo, mnyamata wa Giredi 6 uja.

"Iwe, bwera kuno. Ndifuna ndione ngati aphunzitsi ako akudya ndalama za boma zaulere. Werenga apa. Ine ndawerenga kale, ndikungokuyesa."

"Chabwino amalume. Akuti, mukuitanidwa ku bwalo la mfumu Lachisanu m'mawa."

"Wakhoza. Mwamva Nabanda? Mfumu siitana munthu wamba."

"Akuti pa nkhani ya mbuzi zanu."

"Mbiri ya mbuzi zanga yafika kwa mfumu! Ndinanena ine kuti mbuzi zimenezi n'za mtundu."

"Zimene zinalowa m'dimba..."

"Basi, basi, usatope. Kotsalako ndi Chingerezi chozama, si cha msinkhu wako."

Onani mmene mayankho atatuwa akukwerera. Loyamba likhoza kukhala loona, pakuti kuitanidwa ndi mfumu nthawi zina ndi ulemu. Lachiwiri lapotoka. Lachitatu ndi pamene choona chafika pakhomo penipeni, iye n'kutseka chitseko ndi dzanja lake. Tinayesapo kuika anayi kapena asanu, koma lachinayi linkafooka nthawi zonse, chifukwa anthu anali atagwira kale njira yake. Ndipo palibe yankho limodzi mwa atatuwa lomwe munthu wina m'seweromo akanalinena. Umu ndi mmene tinkayesera nthabwala iliyonse: tikaichotsa m'kamwa mwa a Ndinaliko n'kuipatsa kapaso, kodi isekesabe? Ikasekesabe, ndiye kuti si yawo, tinkaitaya ngakhale ikhale yokoma chotani. Tinataya yambiri. Ina inali ya apongozi ndi nkhuku, yomwe mpaka lero ndimaikumbukira ndi chisoni, koma inalibe chochita ndi kudzitama.

Sabata imodzi tsiku lisanafike tinakayesa seweroli pamaso pa makolo ochepa omwe anabwera kudzaumba njerwa za sukulu. Pamenepo ndinaphunzira chinthu chimene sindinachiphunzire ku koleji. Ana ankaseka, koma amayi achikulire anangoti zii, ena kuyang'ana pansi, ena kukonza chitenje. Titamaliza, gogo wina anandiitanira pambali n'kundiuza mofatsa kuti, "Aphunzitsi, ifenso makalata amatiwerengera ndi ana." Mawu amenewo anandilasa. Theka la anthu odzaonera anali osapita kusukulu, osati mwa kufuna kwawo, ndipo ife tinali pafupi kuwaseka pa tsiku la ufulu wawo.

Sitinachotse kalatayo. Tinasintha Nabanda. Tinawapatsa mawu oti anene poyera, kapaso akangopereka kalata: "Ine sukulu sindinapiteko, bambo. Tandiuzani bwinobwino zalembedwamo." Kapaso n'kuwauza, iwo n'kumva, n'kuyamba pomwepo kuganiza za mbuzi yomwe adzalipire. Mawu ochepawa anatembenuza sewero lonse. Tsopano m'nyumba imodzi munali anthu awiri osatha kuwerenga, wina wofunsa n'kudziwa, wina wokana kufunsa n'kusochera. Amayi aja anapeza munthu wawo m'seweromo, ndipo pa tsiku lenilenilo ndiwo ankaseka kwambiri. Kuyambira pamenepo lamulo langa linali lakuti chilema chosekedwa chikhale chomwe munthu akhoza kuchisiya atafuna. Umphawi, chibwibwi, khungu, kusaphunzira, zimenezi munthu sasankha. Kunyada amasankha m'mawa uliwonse pamene akuvala chisoti.

Nabanda anali msana wa seweroli ngakhale mawu awo anali ochepa. Munthu wodzitama akakhala yekha pabwalo amangokhala waphokoso. Pafunika wina pambali pake woona zinthu mmene zilili, amene nkhope yake ikunena zomwe oonera akuganiza. Patapita zaka, pamene makaseti a Izeki ndi Jakobo, John Nyanga ndi Eric Mabedi a ku Malawi, anayamba kufika kuno, ndinaona luso lomweli lili pa msinkhu wake: wina akasochera, mnzake akumukoka, ndipo kukokanako ndiko kukuseketsa. Mayi wathu wa m'kwaya anali ndi njira yake. Amuna awo akanena zopanda mutu, iwo ankasiya kupeta, kuyang'ana khamu, kupuma katatu, n'kuyambiranso kupeta osanena kanthu. Tinkawerengadi kupumako, katatu. Akafulumira, kuseka kunkadukira panjira. Akachedwa, kunkazizira. Ndiponso Nabanda sankanyoza amuna awo. Ankawatcha "abambo" mpaka kumapeto, kuwapukutira jekete, kuwakumbutsa mpango. Ulemu umenewo ndiwo unkauza anthu kuti munthuyu ali ndi omukonda, choncho n'kololeka kumuseka popanda kumuda.

Chigawo chachiwiri chinali ku bwalo. A Ndinaliko akufika akukhulupirira kuti mfumu ikufuna kuwaika kukhala mlangizi wa ziweto. Mwambo wonse wa mlandu akuumva ngati mwambo wa ulemu. Nduna ikaitana dzina lawo, iwo akuweyulira anthu dzanja. Akauzidwa kuti akhale pakati pa bwalo, akuti, "Mwaona, andipatula." Mwini dimba akuwerenga zowonongeka, mizere isanu ya mpiru, mizere itatu ya chimanga, iwo akugwedeza mutu monyadira n'kuti, "Onjezani, zimadya bwino zimenezo, n'za mtundu." Apa anthu ankaseka mawuwo asanatuluke. Mwini dimba akangoyamba kuwerenga, khamu linkayamba kale kugwira m'mimba, chifukwa linkadziwa mmene a Ndinaliko amvere. Ndikaona kuseka kotsogola kotero ndimadziwa kuti munthu waumbika. Kuseka kobwera chifukwa wina wagwa n'kwa pakamwa, kumatha msanga. Uku kumayamba pansi ngati mtsinje ukudzaza, ndipo anthu amagundana zigongono.

Mfumu tinaisamala. Sitinaionetse ngati yopusa kapena yankhanza, ndipo sitinatchule dzina la mfumu iliyonse ya kuno. Inkangoyankhula kudzera mwa nduna, modekha, monga zimakhalira. Bwalo likakhala la ulemu weniweni m'pamene kusokonekera kwa munthu mmodzi kumaoneka bwino. Onse akakhala zitsiru, palibenso chitsiru.

Mathero ndiwo anativuta kuposa zonse. Monga aphunzitsi, mtima wathu unkafuna phunziro. Poyamba tinakonza kuti chigamulo chikaperekedwa, a Ndinaliko azindikire, avule chisoti, agwade, apepese kuti kunyada n'koipa. Titayesa, bwalo linazizira ngati pamaliro. Mnzangayo ankachita bwino kwambiri moti anthu anamumvera chisoni, ndipo ena anachita manyazi kuti anamuseka. Tinazindikira kuti munthu wotere akangodziona mmene alili, wafa, ndipo simungamubweretsenso chaka chamawa. Zaka zambiri pambuyo pake ndinawerenga za sewero la Mfalansa Molière la mu 1670, la wamalonda Jourdain wofunitsitsa kukhala mfulu ya kunyumba ya mfumu. Anthu amamupusitsa kuti wapatsidwa udindo waukulu wa ku Turkey, ndipo sewero limatha iye akukhulupirirabe. Ndinasangalala kuona kuti zomwe tinazipeza pansi pa mtengo wa mango ena anazipeza kalekale kutsidya la nyanja. Ngakhale kwathu konkuno, Simoni wa nkhope yofiira akatuluka ku Gule Wamkulu akuyenda modzikweza ngati mlendo, sabwera kudzapepesa. Amavina mmene alili n'kubwerera, ndipo oona amatola okha chotola.

Ndiye mathero tinawakonza motere. Nduna ikulengeza kuti a Ndinaliko alipire mbuzi imodzi kwa mwini dimba. Bwalo lili chete. Mnzangayo ankaima osagwedezeka, nkhope ikuyamba kugwa pang'ono, moti anthu ankaganiza kuti tsopano wamva. Nabanda akupuma katatu. Kenako nkhope ija ikuwala.

"Imodzi yokha? Pa udindo waukulu chonchi, phwando la mbuzi imodzi? Nabanda, kamasuleni ziwiri!"

Nabanda akugwira kumutu. Mwini dimba akuwomba m'manja mothokoza. A Ndinaliko akuyang'ana wotchi yakufa, kuba dzuwa ndi diso limodzi, n'kunena kuti achedwa ku msonkhano wina. Potuluka, nduna inkauza mnzake chapansipansi kuti mlandu wotere unachitikanso kale nthawi ya Fort Jameson, ndipo mawu ankamveka kuchokera kuseri kwa mpanda wa udzu: "Ndinaliko!" Chilango anadzipatsa yekha, chowirikiza kawiri, ndi dzanja la kunyada kwake komwe. Sitinafunikire kuima kutsogolo n'kufotokoza phunziro.

Panali vuto limodzi lomwe ndiyenera kulinena, chifukwa m'mudzi sewero silithera pabwalo. Poyesa, mnzangayo anatengera kayendedwe ka mkulu wina wa m'dera lathu, wokoka mwendo pang'ono ndi kutsokomola asanayankhule. Ana anamuzindikira nthawi yomweyo n'kuyamba kutchula dzina lake. Tinachotsa zonsezo tsiku lomwelo. Munthu wa m'sewero ayenera kutoledwa kwa anthu asanu kapena khumi, kayendedwe kwa uyu, mawu kwa uyo, chovala kwa winanso, kuti aliyense aziti "ndikumudziwa" koma pasapezeke awiri ogwirizana kuti ndi yani. Mkulu ujanso anabwera pa 24 Okutobala, anakhala kutsogolo, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Pambuyo pake anatiuza kuti munthu ameneyu ndi mlamu wake weniweni.

A Ndinaliko anakhala nafe zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka china anakana kumvera mlangizi wa zaulimi pa nkhani ya lima, n'kuthira Urea pobzala ndi D Compound chimanga chitafika m'mawondo, ati ku Mufulira amatero. Alimi anaseka asanamalize, chifukwa aliyense amadziwa kuti wapansi ndi uti, wapamwamba ndi uti. Chaka china anakatsogolera anthu ku msika wa Kapata mu Chipata n'kuwasocheretsa. Nkhani zinkasintha, munthu sankasintha, ndipo sitinamuwonjezere chilema china ngakhale chimodzi. Dzina lake linalowa m'kamwa mwa anthu. Ku chigayo, ku mjigo, munthu akayamba kukamba zomwe sanazione, wina ankangoti chapansipansi, "A Ndinaliko afika," ndipo wokambayo ankaseka n'kutsitsa mawu.

Mnzanga wa masamu uja anasamutsidwira ku Petauke mu 1989, ndipo panalibenso wina amene chisoti chinamukhala. Ndinayesa anyamata awiri, koma onse ankamwetulira pansi pa chisoticho, kuonetsa anthu kuti iwo eni akudziwa kuti n'zoseketsa. Mnzangayo sankatero. Akavala chisoti ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mfumu yamuitanira udindo, ndipo maso ake ankawala ngati a mwana wolandira malaya atsopano. Anatisiya zaka zingapo zapitazo. Ku maliro ake ndinakumana ndi mnyamata wa Giredi 6 uja, tsopano ali ndi imvi ndi adzukulu. Tinakhala pa benchi limodzi usiku, moto ukuyaka, ndipo anandinong'oneza mawu onse a kalata ija kuyambira poyamba, osaphonya ngakhale amodzi. Pofika pa mbuzi za mtundu anaima, kudikira yankho, ndipo ndinamuyankha ine.